Chifuwa cha Ababa cha 2011

Ine ndine Alefa, mwana wa a Paston Namakhwa a ku Chirimba, ndipo kunyumba kwathu aliyense amadziwa kuti mtima wanga ndi wapachala. Ndinatengera Amayi. Ababa ndi munthu wofatsa, koma kufatsa kwake ndi kwa mwala: ukankhe mpaka thukuta, sasuntha.

Chifuwa chinawayamba nthawi yozizira chaka chatha. Anamwa mandimu, anamwa jinja, anamwanso zina zomwe anawapatsa anzawo a kutchalitchi, koma chifuwa chili chikhalire. Nditatopa nazo ndinapempha tchuthi kuofesi kwathu ku Limbe n'kuwakokera kuchipatala china cha m'tauni, cha kufupi ndi Sunnyside. Anawayeza makhololo, TB sanaipeze. Anawajambula ekisire, ndipo dokotala atayang'ana anati pali kanthu, apite ku sikani ya CT. Mawu akuti "pali kanthu" ndimadana nawo mpaka lero.

Zotsatira tinakazimva kwa Dokotala Likoswe, mayi wamfupi wa magalasi. Iwowo sagwira odwala, ntchito yawo ndi kuwerenga zithunzi za m'thupi n'kulembera madokotala anzawo zomwe aona. Anatiitanira m'chipinda chawo chamdima chifukwa anali ndi funso lofuna kutifunsa pamaso. Pakompyuta panali mapapo a Ababa, ndipo anatilozera kachotupa kozungulira, konga nsawawa, kumtunda kwa phapo la kumanja.

"Ndi mamilimita folotini," anatero.

"Ndi khansa?" ndinafunsa ine, Ababa atakhala pambali panga, chipewa pabondo.

"Chithunzi chimodzi sichingandiuze zimenezo, chemwali. Chikungondiuza kuti lero kanthuka kalipo. Chomwe ndikufuna kudziwa ndi choti kanali bwanji kale. Ndikakhala ndi chithunzi chakale ndimayeza malo omwewo, ndipo yankho limakhala limodzi mwa atatu: kakula, kachepa, kapena sikanasinthe. Kachotupa kolimba ngati aka kakakhala zaka zopitirira ziwiri osakula, sitida nako nkhawa. Nthawi zambiri chimakhala chipsera cha matenda akale. Koma kakakhala kachilendo kapena kakukula, pamenepo timathamanga."

"Nanga chakalecho chikapanda kupezeka?"

Anati pali njira ziwiri: kudikira miyezi itatu n'kujambulanso, kapena kulowetsa singano pakati pa nthiti n'kutapako kanyama kokayeza. Malinga ndi msinkhu wa Ababa komanso fodya yemwe ankasuta ali mnyamata, iwo ankaona kuti singano ndiyo yabwino. Kenako anatembenukira kwa Ababa.

"Bambo, munajambulitsapo chifuwa m'mbuyomu?"

"Kalekale," Ababa anatero. "Koma zimenezo zinatha ntchito."

Titangotuluka pageti anandiuza mosapsatira kuti singano ayi. Amayi, a Vailet, anamwalira mu 2012 atavutika ndi TB, ndipo chakumapeto ankawapopa madzi m'chifuwa ndi chipaipi. Ababa anaziona zonsezo ali pambali pa bedi. Anati iwo munthu sawaboola, ngati ndi nthawi yawo akadikirira kwa abale ku Milanje, kutsidya kwa malire, komwe agogo anachokera. Milanje yake iti? Munthu wobadwira ku Blantyre, Chilomwe amangodziwa moni basi! Ndinakalipa mu minibasi monse kuchokera m'tauni mpaka ku Chirimba, mpaka kondakitala anati, "Asisi, akhululukireni adalawa." Ndinamuyang'ana, ndipo sanabwerezenso.

Koma Ababa sankaseka. Sabata yomweyo anagawa mabulashi awo opentera, makwerero anapatsa neba. Ndinadziwa kuti ndikapanda kupeza chithunzi chakale, munthuyu akwera basi ndipo sindidzamuonanso ali moyo.

Ndinayamba ndi kuchipatala chachikulu. Ndinkakumbukira kuti Amayi atapezeka ndi TB mu 2011, tonse a m'nyumba anatiyeza, ndipo Ababa anawajambula chifukwa nawonso ankatsokomola. Kalaliki wa kumeneko anandiuza mwaulemu kuti masiku amenewo zithunzi sizinkasungidwa pakompyuta. Filimu inkatsukidwa, n'kuikidwa mu envulopu yaikulu ya khaki, wodwala n'kupita nayo kwawo. Ndiye kuti chifuwa cha Ababa cha 2011 chinali kwinakwake m'nyumba ya ku Chirimba. Apa m'pamene mutu unandizungulira, chifukwa m'nyumba imeneyo muli zifuwa zambirimbiri.

Ababa anali wolemba zikwangwani. Achinyamata a lero sangamve, iwo amadziwa zinsalu zosindikiza pamakina zija zimasuluka mvula ikangogwa kawiri. Kale sitolo iliyonse ku Limbe inkafuna dzanja la munthu. Ndipo wolemba zikwangwani aliyense ankadziwa kuti sitensulo yabwino, chodulapo malembo chija umachigoneka pakhoma n'kupakapo penti, ndi filimu ya ekisire. Katoni imanyowa, lata limadula zala, koma filimu imapindika bwinobwino, ndipo ukaipukuta imakhala ngati yatsopano. Ababa anali ndi mnzawo, a Yunus, wotsuka mafilimu kuchipatala, yemwe ankawasungira zomwe zatuluka moipa zoti zitayidwe. Choncho ine ndinakula ndikuona nthiti za anthu zitapachikidwa pachingwe limodzi ndi mayunifomu athu.

Loweruka ndinatulutsa chibokosi cha masitensulo kunsi kwa bedi, n'kukhala nacho pakhonde. Ndinkakweza imodziimodzi kudzuwa, kufuna dzina la Ababa pakona. Ababa anakhala pampando wawo wa ndalema, akungondiyang'ana.

Ndinabwera ndi mkwiyo, koma bokosi lija linandifooketsa. Yoyamba inali TIMAMETA, yodulidwa pa bondo la munthu. Ndinakumbukira malo ometera a pafupi ndi msika wa Limbe, momwe munali wailesi yomangidwa ndi mphira. Ina inali TIYI WA MKAKA NDI SIKONO. Eee, tiyirumu imeneyo! Loweruka lililonse Ababa ankanditenga ndi Amayi, ife kugwira makwerero iwo ali pamwamba, ndipo ntchito ikatha mwini wake ankatipatsa sikono yotentha yopaka majarini mpaka kuyenderera. Amayi ankatsutsa chilichonse. "Inu a Paston, S wanuyo wapendama ngati woledzera." Ababa ankayankha ali pamwamba pomwepo kuti wapendama ndi khomalo.

"Imeneyo ndi ya 1994," Ababa anatero, nditakweza ya OSAKODZA PANO. "Ndinailemba pa makoma ambiri kuposa ina iliyonse. Palibe ndi mmodzi yemwe anamvera."

Ndinaseka, kenako ndinadzikwiyira kuti ndaseka. M'bokosimo munalinso za minibasi, CHIRIMBA, NDIRANDE, BANGWE, za nthawi yomwe galimoto inkalembedwa pachitseko ndi dzanja. Munali ya sitolo ya nsalu ya Amwenye yomwe pano amagulitsamo mafoni. Limbe yense wa ubwana wanga anali m'bokosi limenelo, wonunkha penti ndi palafini. Koma chifuwa cha Ababa munalibe. Zambiri zinalibe ndi mayina omwe, zina zinali manja, zina mitu.

"Ababa, envulopu ya khaki ya 2011 ija ili kuti?"

"Ndinakuuza kuti inatha ntchito."

"Kutha ntchito kwake kotani? Munaitaya?"

"Alefa, usandifunse ngati wapolisi."

Ndinachoka osatsanzika. Masiku otsatira ndinaimbira aliyense, azakhali a ku Bangwe, ngakhale ana a malemu a Yunus, koma palibe chinaphula kanthu. Lachitatu neba wa makwerero uja anandiimbira kuti Ababa agula chikwama chachikulu cha mizeremizere, ndipo akufunsa za basi ya kumalire ku Muloza. Ndinasiya ntchito padesiki, ndinangouza abwana kuti kwathu kwavuta.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba, pa tebulo lawo lakale logwirira ntchito pansi pa mtengo wa mapeyala. Magalasi ali pamphuno, lezala m'manja, akudula filimu. Dzanja lomwe masiku ano limanjenjemera pogwira kapu linali phee. Ndinayandikira mwakachetechete, n'kusuzumira zomwe zinali pa filimuyo.

M'munsi mwake munali malembo akale, m'mphepete mwake muli timadontho ta penti woyera: VAILET. Ndi malembo omwewo ali pachiliza cha Amayi. Pamwamba pake panali mzere watsopano wojambulidwa ndi choko, ndipo zilembo zinayi zinali zitadulidwa kale: P, A, S, T. O ndi N zinali zikudikira lezala.

"Ababa! Mukudzilembera manda muli moyo?"

"Ndikufuna malembo adzafanane ndi a mayi ako. Anyamata a masiku ano adzandilembera zokhota."

Ndinalanda filimu ija. Sindinaganize za lezala, mwamwayi anaibweza msanga. Ndinkafuna kuing'amba, ndikunena zoona, koma filimu sing'ambika wamba. Ndili mkati molimbana nayo, dzuwa linawala kupyola mkati mwake, ndipo ndinaona nthiti. Pakona panali kachizindikiro koyera, malembo ake akuoneka chobwerera. Ndinaitembenuza. NAMAKHWA PASTON, Ogasiti 2011.

Ndinakhala pansi padothi pomwepo ndi siketi ya kuofesi.

"Sabata yonseyi ndakhala ndikuzungulira Blantyre ngati wamisala, inu muli nacho?"

"Nanga dokotala angawerenge chiyani pa chinthu chobookabooka? Ndinati chinatha ntchito, ndinanama?" Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Komanso akanandilanda. Mayi ako atamwalira ndinafuna filimu yabwino m'bokosi monse, zonse zinali za anthu osawadziwa. Sindikanadula dzina la mkazi wanga pa bondo la munthu wachilendo. Ndiye ndinatenga yangayi."

Ndinawamvera chisoni, ndinawakwiyira, ndipo Amayi ndinawasowa kwambiri nthawi imeneyo, chifukwa iwo akanadziwa chowauza. Ndinangoti, "Valani jekete, tikupita."

Dokotala Likoswe anatipatsa mpata atamaliza zithunzi zomwe zinali pamzere. Atatulutsa filimu ija mu envulopu anaiyang'ana, n'kuyang'ana Ababa, n'kuyang'ananso filimu.

"Zaka zonse ndagwira ntchitoyi, iyi ndiye sindinaione," anatero. "Munkapukuta ndi chiyani?"

"Kansalu kofewa, penti asanaume," Ababa anayankha, ngati afunsidwa za mwana wawo wokhoza mayeso.

"Mwachita bwino simunaichape ndi madzi."

Pakhoma panali bokosi la nyali lowerengera mafilimu, pamwamba pake ataunjikapo mafayilo. Anati silinayake chiyambire kubwera makompyuta, ndipo anachita kulimenya kambama kuti ligwire. Anakoleka filimu ija, kenako anaichotsa n'kuitembenuza.

"Bambo anadula chakumbuyo. Ife timaika ngati munthu watiyang'ana, mtima wake kudzanja lathu lamanja. Nachi chilembo cha R, ndiye kumanja kwawo ndi uku."

Tsopano mayina onse awiri ankaoneka chobwerera, kuwala kukutuluka m'mabowo mwake. Ine maso anali kale pofunafuna nsawawa ija, koma adokotala sanafulumire. Anayamba awerenga dzina ndi chaka. Kenako anati dzina lokha silikwanira, maenvulopu amasokonekera, ndipo analoza fupa lochokera pakhosi kupita paphewa la kumanja, pomwe panali mfundo.

"Munathyokapo apa?"

"Ndinagwa pamakwerero ku Limbe. Uyu anali ku pulayimale."

"Amene ankagwira makwerero tsiku limenelo ndi Amayi," ndinatero ine, "asandinamizire."

Adokotala anatsegula pakompyuta ekisire yatsopano ija, osati sikani ya CT. Mfundo ya fupa lija inalinso pomwepo. Anati tsopano akhutira kuti zifuwa ziwirizi ndi za munthu mmodzi. Ndinafunsa chifukwa chomwe asiyira CT, poti ndi yomwe imaonetsa bwino komanso ndi yomwe anayezerapo poyamba.

"Imaonetsadi bwino, koma sindingayeze mbali ina ndi mbale, mbali ina ndi chitini. Ekisire imakuza zinthu pang'ono, CT sikuza. Ndiye ekisire ifanizidwe ndi ekisire inzake."

Anayang'ananso ngati pa zithunzi zonse ziwiri Ababa anaima mowongoka, n'kuwerenga nthiti kuti aone ngati anakoka mpweya mofanana. Anati munthu akapendama kapena akapanda kukoka mpweya, kanthu kamatha kubisala kuseri kwa nthiti kapena kuoneka kakakulu. Kenako anatenga kathonje kouma, napukuta pang'onopang'ono choko cha chilembo cha O.

Kanali pomwepo. Kadontho koyererako, kozungulira, pakati pa nthiti ziwiri za kumtunda, ndendende pomwe lezala inkayenera kudutsa madzulo omwewo.

Adokotala anatenga rula yoonekera mkati, nayeza m'litali ndi m'lifupi, nalemba pakapepala. Anabwerera pakompyuta, nakoka kamzere pa kadontho ka pa ekisire yatsopano, m'litali ndi m'lifupi momwemo. Anayezanso kukula kwa nthiti yoyandikana nako pa zithunzi zonse ziwiri, kuti atsimikize kuti makina akale ndi atsopano sanakuze mosiyana. Anabwereza zonsezo kachiwiri. Ndinafuna kukuwa kuti mayi inu nenani, koma ndinaluma mlomo.

"Pa yakale fifitini, pa yatsopano sikisitini," anatero.

"Ndiye kakula!" Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Ayi. Milimita imodzi pa ekisire ndi dzanja langa ndi rula, ndikayezanso mawa mwina zisinthana. Kanthu koopsa pa zaka khumi ndi zitatu sikakanawonjeza milimita imodzi, bwenzi katadzaza phapo lonseli kalekale. Maonekedwe ake ndi omwewo, m'mphepete mwake ndi mosalala ngati kale, malo ake ndi omwewo. Kumtunda kwa phapo la kumanzere sindingafanize, bambo anadulako P ndi A, koma CT ikuonetsa kuti kumeneko kulibe kanthu, ndipo palibe kachotupa kena katsopano." Anavula magalasi. "Ndilemba kuti sikanasinthe chiyambire 2011. Singano sikufunika. Chifuwacho mubwerere nacho kwa dokotala wanu akafufuze china, mwina ndi fumbi ndi penti wa zaka zonsezi, koma si kanthu aka."

Ndinatembenukira kwa Ababa kuti ndiwakalipire, ndinali nditasunga zambiri. Ndinati, "Mwamva? Chikwama chija mukabweze. Mabulashi mukatenge konse munagawa, ndipo lezala ija mundipatse ine." Anangogwedeza mutu, maso ali pakhoma.

"Ndiye kuti kanaliko kale," anatero motsitsa. "Ine ndikudula dzina la Vailet, kali pomwepo."

"Kanaliko, bambo. Kanangokhala."

Adokotala anajambula filimu ija ndi kamera kuti isungidwe pamodzi ndi zithunzi zatsopano, nawatsimikizira Ababa kuti yeniyeniyo apita nayo kwawo. Kenako anatambasula dzanja kuti azimitse nyali.

"Adokotala, pepani," Ababa anatero, akuimirira. "Musanazimitse. Ngati mwamaliza kuwerenga zanu, tatembenuzani pang'ono."

Dokotala Likoswe sanafunse chifukwa. Anachotsa filimu, naitembenuza, naikolekanso. Mtima wa pa filimuyo unapita mbali yolakwika, koma malembo anawongoka. VAILET anawala m'munsi mwa nthiti za Ababa, woyera mbee, ndipo pamwamba pake panali dzina losatha lija.

Ababa anavala magalasi, nayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda galasi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Undidikirebe, Vai," anatero. "Akuti si pano."

Ine, wa mtima wapachala uja, ndinalira mokweza ngati ndili pamaliro, mpaka namwino anasuzumira pakhomo. Adokotala anamukodola kuti atseke chitseko, ndipo nyali ija anaisiya ikuyaka.